Kalata ya pamwezi ya shopu ya zaulimi: Gmail, WhatsApp kapena kampani yotumiza maimelo?

Anzanga ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto kuno ku Lusaka akhala akundifunsa funso limodzi: kalata ija mumatumizira makasitomala pa imelo mwezi ndi mwezi, mumaitumiza ndi chiyani, ndipo imakudyerani zingati? Ndiyankhe pamodzi. Koma chida musasankhe musanadziwe kuti kalata yanu izikhala ndi chiyani ndiponso izituluka liti, chifukwa zinthu ziwirizi ndi zomwe zimasonyeza njira yokuyenerani.

Owerenga imelo si alimi onse. Kwa ife ndi anthu ogwira ntchito m'tauni omwe ali ndi minda ku Chongwe, Chisamba kapena Kafue, oweta nkhuku ku Makeni ndi Lusaka West, alembi a makopaletivu, ndi masukulu okhala ndi dimba. Ambiri amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, n'chifukwa chake yathu imatuluka Lachiwiri lomaliza la mwezi, ndalama isanagawidwe. Ndipo imakamba za mwezi ukubwerawo, osati womwe tilimo. Kuuza munthu za feteleza wobereketsa chimanga chitayamba kale chikasu n'kumupweteka mtima chabe.

Zigawo ndi zinayi, ndipo sizisintha malo. Choyamba ndi ntchito ya kumunda ya mwezi ukubwerawo, ndime ziwiri basi. Kenako mitengo ya zinthu zisanu zomwezomwezo mwezi uliwonse, ndi tsiku lomwe mitengoyo yalembedwa. Chachitatu ndi funso limodzi lomwe lamveka kwambiri pakauntala, ndi yankho lake. Chomaliza ndi katundu amene wafika, amene watsala pang'ono kutha, ndi momwe mungaodere.

Tengani kalata yotuluka kumapeto kwa Seputembala. Mvula kuno imayamba mu Novembala, ndiye Okutobala ndi mwezi wogula. Gawo loyamba limachita masamu a lima imodzi, yomwe ndi kota ya hekitala: mbewu ya chimanga pafupifupi makilogalamu 5, thumba limodzi la makilogalamu 50 la feteleza wa D wothira pobzala, ndi thumba limodzi la yuleya lodzathira chimanga chikafika cha m'mawondo. Wa hekitala yathunthu achulukitse kanayi. Pa mitengo pamakhala zinthu zitatu zomwezo, kuwonjezapo chakudya cha anapiye ndi dibi. Funso la pakauntala nthawi imeneyi limakhala la nkhuku za Khirisimasi: bulayila imatenga pafupifupi milungu 6, ndiye anapiye alowe m'khola chakumayambiriro kwa Novembala, kutanthauza kuti oda iperekedwe mu Okutobala. Kalata yonse imatheka kuiwerenga munthu ali m'minibasi kuchokera ku Chilenje asanafike m'tauni.

Miyezi inayo imadzikonza yokha mukangoyang'ana kumunda. Ya kumapeto kwa Novembala ndi ya yuleya ndi kuyendera munda kufufuza mbozi za ntchemberezandonda, zomwe zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016. Ya Epulo ndi ya matumba ndi mankhwala a anankafumbwe. Ya Meyi ndi ya kutenthetsa anapiye m'nyengo yozizira ndi katemera wa chitopa. Ine mitu yonse 12 ndimailemba papepala limodzi chaka chikamayamba, n'kulimata pafupi ndi kauntala. Mafunso a makasitomala timawalemba m'kope mwezi wonse, kalata imalembedwa mlungu wachitatu, koma mitengo imalowa Lolemba, tsiku limodzi isanatumizidwe, chifukwa mtengo wa feteleza suchedwa kusuntha kwacha ikagwedezeka.

Tsopano njira zotumizira.

WhatsApp sindikhalitsapo. Mndandanda wa broadcast umatenga anthu 256, ndipo uthenga umangofika kwa amene anasunga nambala yanu. Ndi yabwino pokumbutsa kuti anapiye afika, koma mlembi wa kopaletivu akafuna mtengo wa mwezi watha kuti aonetse komiti, aufufuza pakati pa mauthenga a maliro ndi a tchalitchi.

Gmail ndi kumene ambiri timayambira: kulemba kalata, kuika maadiresi onse mu BCC, malo omwe amabisa maadiresi kuti wolandira asaone a anzake, n'kutumiza. Siilipiritsa, ndipo ngati muli ndi mayina 60 kapena 80 a anthu owadziwa nkhope, palibe chifukwa chochokerapo. Malire ake ndi anthu 500 patsiku pa akaunti wamba. Koma mavuto amayamba musanafike pamenepo. Wofuna kusiya kulandira alibe batani loti adine, ndiye ena amangodina Spam, ndipo zikachuluka ngakhale mainivoisi anu amayamba kugwera komweko. Maadiresi akufa amabwerera limodzilimodzi, muwachotse ndi manja. Chondiopsa kwambiri n'chakuti tsiku lina wothandiza pashopu akaika mayina mu CC m'malo mwa BCC, kasitomala aliyense waona maadiresi a anzake onse, ndipo ngati pakati pawo pali wogulitsa mnzanu, mwamupatsa mndandanda wanu. Kuyambira 2021 Zambia ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, ndiye iyi si nkhani ya manyazi okha.

Makampani otumiza maimelo ali mitundu iwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona ndalama. Ena amalipiritsa potengera kuchuluka kwa mayina omwe mwasunga kwa iwo, ena potengera maimelo omwe mwatumiza. Tonse timayang'ana mtengo wa pamwamba, koma kusiyana kwa mawu awiriwa, kusunga ndi kutumiza, ndi kumene kunandiluma.

Tinayamba ndi kampani ya mtundu woyamba, yomwe sindiitchula. Chida chake n'chokongola, sindinganame. Chionetsero cha zaulimi cha mu Ogasiti chitatha tinali ndi mayina atsopano ambiri a anthu omwe analemba okha m'kope kuti akufuna kalata, ndipo titawalowetsa tinadumpha malire a mtengo womwe tinkalipira. Zimenezo zinali zomveka. Chomwe sichinamveke n'chakuti miyezi itapita, anthu angapo atadina batani losiya kulandira, bilu sinatsike. Titafufuza tinapeza kuti wosiyayo amawerengedwabe ngati dzina losungidwa mpaka mutamuchotsa nokha pamndandanda. Kuwonjezera apo tinali ndi mindandanda iwiri, wa chimanga ndi wa nkhuku, ndipo bambo amene amalima komanso kuweta ankawerengedwa kawiri. Tinkalipirira anthu omwe kampaniyo payokha sinkatilola kuwatumizira kanthu. Zili ngati kulipira dibi ya ng'ombe zomwe munagulitsa chaka chatha.

Ndipo bilu imeneyi imabwera m'madola. Kwacha ikatsika imakwera yokha, banki n'kuikapo yake ya khadi. Imabwera chimodzimodzi mu Febuluwale, pomwe shopu ya zaulimi imakhala zii, alimi atathira kale zonse ndipo akungodikira kukolola. Mtengo wa makampani otere unakonzedwera anthu otumiza kangapo pamlungu. Inu wotumiza kamodzi pamwezi mumalipira malo okhala mayina masiku 30 kuti muwagwiritse ntchito tsiku limodzi. Ngati muli kale kumeneko ndipo simukufuna kusamuka, chitani zinthu ziwiri lero: phatikizani mindandanda ikhale umodzi n'kumasiyanitsa anthu ndi zizindikiro, ndipo mwezi uliwonse bilu isanatuluke chotsani pamndandanda wolipiridwa onse osiya kulandira, koma musunge mayina awo padera kuti asadzalowenso mwangozi.

Mtundu wachiwiri ndi womwe ndikugwiritsa ntchito pano, Brevo, yomwe inkatchedwa Sendinblue mpaka 2023. Masamu ake amagwirizana ndi kalata ya pamwezi: mayina 700 kutumiziridwa kamodzi ndi maimelo 700, basi. Dongosolo lake laulere limalola maimelo 300 patsiku, ndiye mayina 700 salowa tsiku limodzi. Ena amaona ichi ngati chilema. Ine ndinachisandutsa dongosolo: Lachiwiri kalata imapita kwa makopaletivu ndi masukulu, omwe amafunika nthawi yokhala pansi ndi komiti, Lachitatu kwa olima, Lachinayi kwa oweta. Foni ya pashopu siilira yonse tsiku limodzi, ndipo ngati pali mtengo wolakwika gulu loyamba limatiuza ena asanalandire. Kuipa kwake n'kwakuti pansi pa kalata pamakhala chizindikiro cha kampaniyo, ndipo mitengo ikasintha Lachitatu muyenera kukonza kalata pakati pa ulendo. Ndimaikonda, ndipo mwina ndimaikonda mopitirira chifukwa cha komwe ndinachokera.

Pa nkhani yokonza zigawo, makampani onse awiri ndi ofanana: mumapanga chikombole cha kalata kamodzi, mitu inayi ija ili m'malo mwake, mwezi uliwonse n'kungosintha mawu.

Pali chinthu chimodzi chomwe mitundu yonse iwiri singakuchitireni. Mukatumiza kudzera ku kampani koma adiresi yanu ikuthera ndi @gmail.com, kalata imaoneka yokayikitsa, makamaka kuyambira Febuluwale 2024 pomwe Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo a otumiza. Gulani dzina la shopu yanu la pa intaneti, ndipo amene wakukonzerani dzinalo aikemo mizere yomwe kampani yotumiza ikupatseni yotsimikizira kuti kalata ikuchokeradi kwa inu, monga DKIM ndi DMARC. Ndi ntchito yochita kamodzi. Kuti mudziwe ngati yatheka, dzitumizireni kalatayo ku Gmail, tsegulani Show original, muone ngati palembedwa PASS.

Zithunzi chepetsani, chimodzi n'chokwanira, chifukwa owerenga ali pafoni ndipo bandulo ndi yawo. Mitengo ilembeni m'mawu, osati chithunzi cha pepala la mitengo, kuti munthu akalemba "yuleya" pofufuza aipeze. Kalata ikanenepa kupitirira 102 KB, Gmail imaidula n'kulemba Message clipped, ndipo gawo lodulidwalo ndi lomaliza, lija la momwe mungaodere.

Chiwerengero cha otsegula kalata, chomwe makampani amakonda kuonetsa patsogolo, musachikhulupirire kwambiri. Kuyambira 2021 mafoni a Apple amatha kuonetsa ngati imelo yatsegulidwa mwini wake asanaione. Ife pansi pa gawo lachinayi timalemba kuti ofuna kusungiridwa katundu ayankhe ndi liwu limodzi, MBEWU kapena ANAPIYE, ndipo timawerenga mayankhowo. Akachepa miyezi iwiri yotsatizana, timayamba taona ngati kalata ikugwera mu Spam, kenako ngati gawo loyamba lachedwa kuyerekeza ndi zomwe zikuchitika kumunda.

Amene muli ndi mayina osakwana 100, khalani pa Gmail ndipo BCC muziiona kawiri musanadine. Mukapitirira pamenepo, pitani kwa olipiritsa potumiza. Olipiritsa posunga ndingawaganizirenso pokhapokha shopu itayamba kutumiza mlungu uliwonse, ndipo ngakhale pamenepo funso langa loyamba kwa iwo lidzakhala lakuti wosiya kulandira amamuwerenga kapena ayi.