Inveta ya modifayidi ndi ya piyuwa: iti ingapirire firiji ndi pampu?

M'mashopu a zamagetsi mu tawuni ya Zomba mupeza mitundu iwiri ya mainveta, zipangizo zosintha magetsi a batire kukhala onga a pakhoma. Pabokosi onse alemba mavoti ofanana ndi a ESCOM, cha m'ma 230, koma mtengo ndi wosiyana kwambiri. Yotchipayo ndi ya modifayidi saini wevu, yodulayo ndi ya piyuwa saini wevu. Amasiyana pa kayendedwe ka magetsi amene akutulutsa.

Magetsi a pakhoma amapita uku ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo amakwera ndi kutsika mwa myaa. Inveta ya piyuwa imatsanzira zomwezo. Ya modifayidi imadumpha: kuchoka pa ziro yafika kale pamwamba, yaima pang'ono, yagwa pa ziro, kenako yadumphira mbali inayo. Zili ngati kukankha katungwe. Mukamakankha motsatira mmene akubwerera amauluka bwino, koma mukamamugwedeza mwadzidzidzi chingwe chimangonjenjemera, inu n'kutopa pachabe.

Tchaja ya foni, mababu ambiri a LED ndi matchaja ambiri a laputopu sizidandaula kwenikweni, chifukwa zimayamba zasintha magetsiwo kukhala oyenda mbali imodzi. Ngati ntchito yanu ndi yomweyi, gulani ya modifayidi, ndalama zotsalazo muwonjezere pa batire.

Pa mota ndiye pali nkhani. Kudumpha kuja kumabweretsa mafunde ena othamanga kuposa a 50 aja, ndipo mafundewo sathandiza kuzunguza mota. Amangosanduka kutentha m'mawaya a mkati, ena amachita kuikokera m'mbuyo. N'chifukwa chake fani imalira "mmmm", makina ometera a nthambo amachita phokoso loposa la masiku onse, ndipo ampu ya zoimbira imamveka kaphokoso ka "zzz" m'masipika.

Tiyeni tione firiji ya geni ya mafirizesi, monga ambiri amachitira ku Chinamwali ndi ku Matawale. Tinene kuti ikamayenda imadya mawati 150. Pa nthawi yodzuka, kompuresa, mota yopopa gasi wa firiji, imafuna kasanu kapena kupitirira, ndiye kuti mawati 750 mpaka 1000, kwa kanthawi kochepa chabe. Mwini wake wagula inveta ya modifayidi yolembedwa 1000, n'kumati yakwana. Koma pa mainveta ambiri otchipa nambala yaikuluyo ndi imene angapirire mwa kamphindi, osati tsiku lonse. Kompuresa ikakoka, mavoti amagwa, mota n'kulephera kutembenuka. Mukatchera khutu kuseri kwa firiji mumva kung'ung'udza kwa masekondi angapo, kenako "tcha!", kenako zii. Kameneko ndi kachipangizo koteteza kompuresa, kadula magetsi chifukwa cha kutentha. Pakapita mphindi zochepa kamayesanso, zomwe zija n'kubwereza. Babu la mkati likuyaka bwinobwino, koma mafirizesi akusungunuka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi firiji imene imadzuka ndithu pa modifayidi. Mwini wake amati zatheka, pomwe kompuresa ikutentha kuposa kale ndipo vanishi wa pa mawaya akupsa pang'onopang'ono. Mu Okutobala, makamaka kumunsi cha ku Nyanja ya Chilwa kumene kumatentha zedi, kompuresa imayenda nthawi yaitali osapuma, ndiye kuwonongekako kumafulumira. Ikapsa, mudzalipira ina, gasi ndi mmisiri, ndalama imene mwina ikanakwanira kusiyana kwa mainveta awiri aja.

Pampu ya madzi ndi chimodzimodzi. Ya theka la hosipawa ndi ya mawati pafupifupi 370, imadzuka ili kale ndi katundu wa madzi, ndipo kapasita yake, kachipangizo kothandiza mota kudzuka, imavutika ndi magetsi odumphawa.

Musaganize kuti ya piyuwa ndi mankhwala a zonse. Ikachepa nayonso imalira alamu n'kuzima. Pa firiji ya mawati 150 ine ndingasankhe ya piyuwa yopirira mawati 1000 mosalekeza. Kumbukiraninso kuti mawati 1000 pa batire ya mavoti 12 ndi maampu oposa 80, choncho mawaya a ku batire akhale onenepa, aafupi ndi omangitsa bwino. Firiji ikazima, dikirani mphindi zisanu musanaiyatsenso kuti mphamvu ya gasi m'mapaipi itsike, apo ayi kompuresa idzuka movutika pa inveta iliyonse.

Nanga mungadziwe bwanji mtundu wa inveta ngati bokosi silikunena, kapena mukulikayikira? Pemphani wogulitsa ailumikize ku batire, inu mulumikizeko fani. Ikamalira mosiyana ndi mmene imalilira pa magetsi a pakhoma, ndi modifayidi. Mita wamba yoyezera mavoti nayonso imaulula: pa modifayidi imawerenga mochepera, nthawi zambiri pansi pa 210, pomwe pa piyuwa imasonyeza pafupi ndi 230.