Mita ya True RMS ija, miyezi 8 yapita

"Achimwene, mita munagula ku Tete ija ikadalipo? Inveta yanga ikuwerenga 172 V, ndiibweze?"

Osaibweza kaye aphwanga, ine ndinatsala pang'ono kuchita zomwezo. Mita ilipo, yagwapo kawiri pa simenti kushopu kuno ku Ulongwe koma ikugwirabe, zingwe zake zokha ndi zomwe zinathetheka mwezi wachitatu ndinachita kugula zina.

Inveta zotchipazi sizitulutsa magetsi oyenda mokhotakhota bwinobwino ngati apakhoma aja, zimangodumpha, kukwera pa 310 V kuima pang'ono, kugwa pa ziro, kenako 310 V mbali inayo. Pa yanga theka la nthawi imakhala pa ziro. Mita wamba siyeza RMS ayi, imatenga avereji mosasamala mbali n'kuchulukitsa ndi 1.11 basi, ndipo nambala imeneyo imalondola pa magetsi okhotakhota bwinobwino ngati apakhoma okhaokha. Ndiye onani, theka la 310 ndi 155, kuchulukitsa ndi 1.11 mwapeza 172 yanu ija. Pomwe RMS ndi mphamvu yeniyeni yomwe ingatenthetse waya wa ayironi, ndipo mawerengedwe ake ndi `310 × √0.5`, pafupifupi 219 V. Tsiku loyamba ndinaika mita ziwirizo pa soketi imodzi, yakale 172 yatsopano 219, babu likuwala bwinobwino. Ndinaseka ndekha chifukwa dzulo lake ndinali nditakalipira kale mnyamata amene anandigulitsa inveta, ndinakapepesa ndi fanta.

Koma pali pomwe mita ya True RMS imeneyi inandipusitsa, ndipo pabokosi sanalembe. Ndimakonza tchaja ya batire yopangidwa pamanja, thiransifoma ndi madayodi anayi opanda kapasita. Magetsi otuluka pamenepo ndi timapiri toyang'ana mbali imodzi, nsonga yake cha m'ma 17 V. Ndaika pa AC ikuti 5.2, ndaika pa DC ikuti 10.8, ine mutu waima, yoona ndi iti? Zonse ndi zoona koma iliyonse ndi chidutswa. Mita yangayi ikakhala pa AC imataya gawo la DC n'kuyeza kugwedera kotsalako kokha. Muyenera kuphatikiza nokha, osati 10.8 ndi 5.2 mwachindunji ayi, koma chonchi:

```
√(10.8² + 5.2²) ≈ 12
```

Ndipo 12 ndi yomwe mumapezanso mukagawa 17 ndi √2, kutembenuza timapiri sikusintha kutentha. Mita zolembedwa AC+DC zimachita zokha masamu amenewa koma mtengo wake eee, mametikali ake ndinalibe.

Ndiye inuyo bwerani ndi inveta yanuyo Loweruka tidzaiyeze batire ili yodzaza. Ikadzawerenga 172 pa mita yanganso ndiye kuti yadwaladi, tidzatsegula.