Jentamaisini ndi sefitirayakisoni: zoyang'ana jekeseni isanalowe

Mwana wasukulu ya unamwino akafunsidwa kusiyana kwa mankhwala awiriwa amathamangira kunena kuti wina ndi wa gulu la aminogilaikosaidi, wina wa sefalosiporini. Yankholo n'loona, koma pa bedi la wodwala silikufikitsani patali. Chofunika kukumbukira n'chakuti mankhwalawa amapweteka munthu pa nthawi zosiyana: sefitirayakisoni akakhala kuti avuta, kawirikawiri amavuta pompopompo, pamene jentamaisini amaluma mwakachetechete patapita masiku.

Sefitirayakisoni ndi pachibale ndi penisilini. Onse amalepheretsa bakiteriya kumanga khoma lake, ndiye kachilomboko kamaphulika. Maselo athu alibe khoma lotero, n'chifukwa chake ziwalo za munthu sazivutitsa kwenikweni. Vuto lake lalikulu ndi kuwenga. Musanasungunule, funsani: "Agogo, munabayidwapo jekeseni n'kutupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika?" Mukangofunsa ngati mankhwala amawawenga, ambiri amati ayi chifukwa sanamve funsolo. Amene anabanikapo ndi penisilini musamubaye musanalankhule ndi amene walemba mankhwalawo, ndipo adirenalini akhale pafupi: kwa wamkulu ndi 0.5 mg pa mnofu wa ntchafu.

Kachiwiri ndi kashiamu. Diripi ya Ringa lakiteti ili ndi kashiamu, ndipo ikakumana ndi sefitirayakisoni mu chubu chimodzi pamapangika timibulu. Kwa wamkulu, imitsani diripi, tsukani kanyula ndi madzi a mchere, bayani pang'onopang'ono, tsukaninso. Kwa khanda losakwana masiku 28 lomwe likulandira kashiamu pa mtsempha, sapereka n'komwe. Khanda la chikasu nalonso ayi, pakuti mankhwalawa amachotsa bilirubini pamene wagwira m'magazi ndipo amatha kukawononga ubongo. Zina monga kutsegula m'mimba mukuzidziwa kale.

Jentamaisini ndi nkhani ina. Amalowa m'kati mwa bakiteriya n'kukamata pa raibozomu, mbali ya 30S, kotero mapuloteni amatuluka olakwika. Amapha bwino mlingo ukakwera kwambiri kamodzi, n'chifukwa chake timabaya kamodzi patsiku, maola otsalawo impso zipumeko. Amatuluka m'thupi kudzera mu impso basi, ndiye impso zikafooka amaunjikana n'kuwononga impso zomwezo ndi m'kati mwa khutu. Impso nthawi zambiri zimachira mukasiya msanga. Khutu likafa, lapita.

Apa sikelo ndiyo mnzanu. Mlingo wa wamkulu umayambira pa 5 mg pa kilogalamu, ndipo kabotolo ka 2 ml kamakhala ndi 80 mg. Tiyerekeze mayi wa makilogalamu 48: 48 kuchulukitsa ndi 5 ndi 240 mg, ndiye 6 ml, timabotolo titatu. Nambala ya 240 imeneyi inazolowereka m'mawodi mpaka ena amalembera aliyense osamuyeza. Gogo wa makilogalamu 36 amene watha masiku akusanza, wake ndi 180 mg, kapena 4.5 ml, ndipo ngakhale umenewo ndingayambe ndafunsa zotsatira za kiriyatinini, zomwe zimaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Ngati makina a ku labu sakugwira, mkodzo umanenako. Mayi wa makilogalamu 48 uja ayenera kutulutsa osachepera 0.5 ml pa kilogalamu pa ola, kutanthauza 24 ml pa ola, 144 ml pa maola 6. Mukapeza m'thumba la kathita muli 80 ml, jekeseni yotsatirayo iyambe yadikira dokotala. Koma musadalire mkodzo wokha, chifukwa jentamaisini amatha kuvulaza impso mkodzo ukutuluka bwinobwino.

M'mawa uliwonse funsani ngati makutu akulira, ngati akumva chizungulire, ndipo muoneni akamapita kubafa ngati akudzandira. Onaninso pepala la mankhwala: fulusemaidi amawonjezera ngozi ya ku khutu, daikilofenaki ndi aibupulofeni amawonjezera ya ku impso, ndipo maginiziyamu salifeti wa ku matenite pamodzi ndi jentamaisini amatha kufooketsa minofu yopumira. Akalembedwa pamodzi ndi penisilini, monga zimachitikira kwa makanda, aliyense akhale ndi sirinji yake, pakuti akasakanizidwa penisilini amafooketsa jentamaisini.

Pa matenda oumitsa khosi palibe mpikisano: sefitirayakisoni amafika m'madzi a mu ubongo, jentamaisini amafika pang'ono chabe. Kwa wodwala impso, sefitirayakisoni ndi wofatsa chifukwa gawo lina limatulukira mu ndulu. Koma kuphweka kwakeko ndiye kwamuika pa mavuto. Kafukufuku wa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre anaonetsa kuti pofika mu 2016 mabakiteriya ena a m'magazi, makamaka Kilebusiyela, anali atasiya kumumva. Wodwala akafika tsiku lachitatu thupi likadali moto, nenani pa raundi, ndipo magazi okayeza tizilombo azitengedwa jekeseni yoyamba isanabayidwe.