US02Y kapena US10Y, iti yoyika pambali pa SPX tsiku la infuleshoni?

Anzanga a kuno ku Lilongwe amene mumatsata SPX, mlozo wa masheya a makampani akuluakulu 500 a ku Amerika, pa TradingView, ambiri mumangoyika US10Y, chiongoladzanja cha bondi ya boma la Amerika ya zaka 10, pansi pa tchati basi, koma tsiku lotuluka CPI, manambala a infuleshoni ya ku Amerika, ine ndimati yambani ndi US02Y, chiongoladzanja cha bondi ya zaka 2. Manambalawo amatuluka hafu pasiti 2 masana nthawi yathu, kuyambira Novembala mpaka Malichi imakhala hafu pasiti 3.

Bondi ya zaka 2 imatsatira zomwe anthu akuganiza kuti Fed, banki yaikulu ya ku Amerika, ichita ndi chiongoladzanja miyezi ikubwerayi. Ya zaka 10 ili ndi zambiri mkati, muli infuleshoni, muli mantha oti chuma chigwa, ndiye zinthu ziwirizi nthawi zina zimakokana mzere nkumaoneka ngati palibe chachitika.

Onani pa 13 Sepitembala 2022. Anthu amadikira infuleshoni ya 8.1 peresenti, kunatuluka 8.3. Kusiyana kochepa eti? SPX inagwa 4.3 peresenti tsiku lomwelo. US02Y inachoka pa 3.58 kufika pa 3.75, pomwe US10Y inangosuntha kuchoka pa 3.37 kufika pa 3.42. Amene amayang'ana ya zaka 10 yokha akanati masheya angochita mantha mwachabe mawa abwerera, koma ya zaka 2 inali ikunena poyera kuti msika wasintha maganizo, Fed ikweza kwambiri, ndipo ndalama ikadula anthu safunanso kugula masheya pa mtengo wadzulo. Komanso dziwani kuti 8.3 inali yotsika poyerekeza ndi 8.5 ya mwezi wapitawo, msika sufunsa ngati yatsika, umafunsa ngati yafanana ndi yomwe umadikira.

Sikuti US10Y ndiyachabe ayi. Pa 10 Novembala 2022 kunatuluka 7.7 m'malo mwa 7.9, US10Y inagwa kuchoka pa 4.12 kufika pa 3.82, ya zaka 2 nayonso inatsika, SPX nkukwera 5.5 peresenti. Zonse zikamayenda pamodzi chonchi ndimakhulupirira kusunthako. Pomwe US10Y imapambana ndi tsiku loti masheya akugwa iyonso ikutsika, pamenepo nkhani si infuleshoni, anthu akuthawira ku mabondi poopa kuti chuma chilowa pansi.

Pa tchati ikani iliyonse m'bokosi lake, musaziphatikize pa sikelo imodzi ya peresenti, chifukwa kuchoka pa 3.58 kufika pa 3.75 kumaoneka ngati kukwera kwa pafupifupi 5 peresenti ndiye mumayamba kufananiza ndi SPX zinthu zosafanana. Ndipo kandulo yoyamba ya mphindi 5 imanama kawirikawiri, dikirani msika wa New York utsegule, ola limodzi manambala atatuluka.

Za MASI, mlozo wa masheya a pa msika wa kuno ku Malawi, musakopere njirayi momwe ilili. Chiongoladzanja cha mabilu a boma a masiku 91, 182 ndi 364 timachionera pa okushoni ya RBM, banki yaikulu ya dziko lino, sichivina mphindi iliyonse, masheya enanso amatha masiku osagulidwa, ndiye NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero, ikatulutsa nambala ya infuleshoni fananizani mwezi ndi mwezi osati masana omwewo.