Nyenyezi ziwiri: anandigulitsa mapulokisi osinthasintha, koma vuto linali liwiro

Phukusi la 20 GB lija, limene kampani yogulitsa mapulokisi, makompyuta odutsitsirapo mapempho kuti aoneke ngati akuchokera ku IP ina, imaliika pakati pa tsamba lake ndi kulilemba kuti ndi lokondedwa ndi ambiri, linandithera ntchito isanathe. Ndalamazo zinandiwawa, koma chimene chandilembetsa ndemangayi ndi malangizo a munthu wawo wothandiza makasitomala.

Ntchito yanga inali yotolera mitengo ya katundu pa sitolo ina ya pa intaneti, masamba pafupifupi 12,000. Sikirepa yanga ya `Scrapy`, pulogalamu yotolera zinthu pa masamba, inkayenda bwino kwa mphindi zochepa kenako n'kuyamba kulandira `429 Too Many Requests`. Ndinawalembera a kampani ya mapulokisiyi, ndinawatumizira ngakhale mayankho a seva momwe analili. Anandiyankha mwachangu ndithu: "Bwana, IP yanu aitseka. Tengani `residential`, mapulokisi a ma IP a m'nyumba za anthu, muyatse zosintha IP pa pempho lililonse, mugwiritse ntchito chitsanzo chathu cha `Playwright`, zonse zikhala bwino." Sanandifunse kuti ndikutumiza mapempho angati pa sekondi. Sanayang'ane n'komwe mzere umene unali m'mayankho ndinawatumizirawo, wakuti `Retry-After: 60`. Mzere umenewo ndi seva ikunena poyera kuti dikirani masekondi 60 mubwerenso. Seva imene yakutsekerani chitseko sikuuzani nthawi yobwerera.

Ndinachita zimene ananena, ndipo poyamba zinkaoneka zokoma. Ma `429` anatheratu, pempho lililonse likubwera ndi `200`, nambala yosonyeza kuti zayenda bwino. Koma nditatsegula fayilo ya zotsatira mtima unagunda. Nsapato za mtundu umodzi, zosiyana saizi yokha, pamzere wina zinali 89, pamzere wotsatira 76, penanso nambala ya masauzande. Sitoloyo imaona dziko limene IP yachokera n'kuonetsa mtengo mu ndalama za dzikolo. Mapulokisi awo ankandidumphitsa mayiko pa pempho lililonse, choncho mayuro, mapaundi ndi mayeni zinasakanikirana mu danga limodzi la mitengo. Panalibe cholakwika chilichonse chimene chinalembedwa pa sikirini. Mizere ina inali yopanda mtengo, ndipo nditatsegula masamba ake ndinapeza kuti si masamba a katundu ayi, ndi tsamba lofunsa ngati ndiwe munthu, nalonso lobwera ndi `200`. Linkadziwika ndi kukula kwake: tsamba lenileni linali pafupifupi 100 KB, lofunsalo silinkafika ngakhale 10 KB. Ma IP ena a m'gulu lawo anali atatopa kale ndi makasitomala ena amene anagogoda pa sitolo yomweyo.

Panalinso za makuki. Sitoloyo imapatsa mlendo kuki, kachizindikiro komuzindikirira, akangofika, ndipo ikaona kuki yomweyo ikuchokera ku IP ina pa tsamba lachiwiri la mndandanda, imamubwezera koyambirira. Sikirepa inkangozungulira pa katundu yemweyo, ma GB akutha.

Ndiye nkhani ya ma GB. Chitsanzo chawo chimatsegula tsamba lonse ngati bulawuza, kukoka zithunzi, mafonti, makanema otsatsa malonda ndi zina zonse, pafupifupi 2 MB pa tsamba. Masamba 12,000 amafuna 24 GB, ndipo phukusi ndi la 20 GB. Mitengo imene ndinkafuna inali kale mu HTML, imene masamba onsewo akanadya 1.2 GB yokha. Munthu wogulitsa pa GB amene akukupatsa chitsanzo chosatseka zithunzi akudziwa chimene akuchita. Masamba ofunsa aja nawonso anawawerengera. Nditadandaula, munthu yemwe uja anangoti, "Pepani bwana, tikhoza kukukwezerani phukusi lalikulu pa mtengo wotsika." Za kubweza ndalama anati malamulo awo salola deta ikagwiritsidwa ntchito.

Ndinachotsa mapulokisi onse, n'kubwerera ku `Scrapy` pa IP yanga imodzi, ndi mizere iyi:

```python
DOWNLOAD_DELAY = 3
CONCURRENT_REQUESTS_PER_DOMAIN = 1
AUTOTHROTTLE_ENABLED = True
```

Ndinasinthanso `User-Agent` kuti inene dzina la ntchito yanga ndi imelo yondipezera, ndinatsatira zimene zili mu `robots.txt`, ndipo ndinalemba kachidutswa kodikira nthawi imene `Retry-After` yanena, chifukwa `Scrapy` payokha imabwereza pempho la `429` osawerenga mzerewo. Masamba 12,000 pa masekondi 3 lililonse ndi masekondi 36,000, kutanthauza maola 10. Ndinaiyatsa madzulo, m'mawa ndinapeza zonse zatha, mitengo ili mu ndalama imodzi, popanda `429` ngakhale mmodzi. Izi n'zimene munthu uja akanandiuza mu ziganizo ziwiri, akanakhala kuti amasamala za ntchito yanga.

Komabe sindinganene kuti katundu wawo ndi wachabechabe, ndipo n'chifukwa chake nyenyezi ndi ziwiri osati imodzi. Pambuyo pake amene ndinkawagwirira ntchito anafuna kudziwa mitengo yomweyo monga amaionera wogula wa ku Germany ndi wa ku Japan. Apa kudekha sikuthandiza, ngakhale mutadikira ola lathunthu pakati pa mapempho, chifukwa IP yanu imakhalabe ya dziko limodzi. Ndinagula kaphukusi kakang'ono, ndinasankha dziko limodzi pa ulendo uliwonse, ndinayatsa `sticky session` kuti IP ikhale yomweyo mpaka mndandanda utatha pamodzi ndi makuki ake, ndipo ndinkakoka HTML yokha. Zinayenda bwino kwambiri. Ma IP analidi a mayiko amene ndinasankha, ndipo amene anafa pakati pa ntchito anali ochepa. Zosankha zimenezi zilipo pa tsamba lawo, kungoti zinabisika mkati, ndipo wothandiza uja sanazitchule.

Panthawi yomweyo ndinaona chifukwa china chomveka chogulira mapulokisi. Nditasamutsa sikirepa kuiika pa seva yobwereka, sitolo ina inayankha `403` pa pempho loyamba lenileni, pomwe pa kompyuta ya kunyumba khodi yomweyo inkadutsa. Pamenepo liwiro silikukhudzidwa, atseka ma IP onse a kampani ya masevayo, ndipo IP ya m'nyumba ndi imene ingathandize. Koma yesani kaye musanalipire: ngati pa IP yomweyo bulawuza ikutsegula tsamba koma khodi yanu ikukanidwa, akuzindikirani ndi mitu ya pempho kapena ndi mmene pulogalamu yanu imayambira kulumikizana kwa TLS. Mukhoza kusintha IP kambirimbiri, adzakukanani ndithu, ndipo inu mudzalipira kukanidwa kulikonse. Ndipo ngati mukulowa ndi akaunti, musayatse n'komwe zosintha pa pempho lililonse. Akaunti imodzi yooneka m'mayiko asanu pa mphindi imodzi imatsekedwa msanga.

Kusinthasintha kwenikweni, IP yatsopano pa pempho lililonse, ndikuona kuti kuli ndi malo pamene masamba ndi mamiliyoni, aliyense woima payekha popanda kuki kapena akaunti, ndipo nthawi sikulola kudikira. Ngakhale pamenepo, yambani mwafufuza ngati eni tsamba ali ndi API kapena fayilo yotsitsa, ndiponso ngati malamulo awo akulola zimene mukuchitazo, chifukwa pulokisi sisintha zimenezo.

Kaphukusi kakang'ono ndidzagulanso ntchito ya mayiko ikabwera. Koma kwa wothandiza makasitomala wawo sindidzafunsanso chilichonse, ndipo kalata yanga yopempha kuti andibwezere ma GB a masamba ofunsa aja sanaiyankhe mpaka pano.