Ndemanga ya Semi-Automatic Classification Plugin: imawerenga bwino, koma ikusiyirani ntchito yotsimikiza

Pulogalamu yaulereyi, yomwe imagwira ntchito mkati mwa pulogalamu yopangira mapu ya QGIS, ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5 pa ntchito yoyerekeza zithunzi ziwiri za setilaiti ya Sentinel-2 ndi kupeza mahekitala omwe asintha.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta. Chithunzi cha chaka chilichonse mumachigawa pachokha m'magulu monga nkhalango, minda, udzu ndi madzi, ndipo nambala ya gulu, MC ID, ikhale yofanana pa zithunzi zonse ziwiri. Nkhalango ikakhala 1 pa chithunzi choyamba koma 2 pa chachiwiri, pulogalamuyi sikuchenjezani, ingokuuzani kuti nkhalango yonse yatha. Mukatero tsegulani Cross classification, mapu akale akhale poyambira, atsopano akhale oyerekeza nawo. Chimatuluka ndi mapu a kusintha komanso tebulo losonyeza kuti gulu lakuti lasanduka lakuti pa mapikiselo angati.

Tebulolo silipereka mahekitala, mumawerengera nokha. Pikiselo ya mamita 10 mbali zonse ndi mahekitala 0.01, kotero ngati mapikiselo 12,500 achoka ku nkhalango kupita ku minda, ndiye kuti ndi mahekitala 125. Pa zithunzi za setilaiti ya Landsat, za mapikiselo a mamita 30, mumachulukitsa ndi 0.09. Zithunzi za ku Malawi zisiyeni mu EPSG:32736, dongosolo loyezera malo m'mamita. Mukazisintha kukhala EPSG:4326, kukula kwa malo kumatuluka m'madigiri, zomwe simungalembe mu lipoti.

Pomwe anthu ambiri amagwa ndi pa nyengo. Taganizani za nkhalango ya Dzalanyama. Mitengo ya miombo imayoyola masamba m'chilimwe, moto wolusa nkudutsanso pansi pake. Mukayerekeza chithunzi cha Meyi ndi cha Seputembala, malo oti sanadulidwepo mtengo amaoneka ngati tchire kapena dothi, ndipo mahekitala otayika amafufuma. Sankhani zithunzi za mwezi umodzi, makamaka Meyi kapena Juni, mitambo itachepa koma masamba akadalipo. Chizindikiro choti zalakwika chili m'tebulo momwemo: mukaona minda yambiri yasanduka nkhalango yokhwima m'zaka ziwiri zokha, vuto ndi magawidwe anu, osati nthaka.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa tebulo la kusintha limapereka nambala ngati zenizeni, pomwe zolakwika za mapu awiri zimaphatikizana. Mapu aliwonse akakhala olondola ndi 85 peresenti, a kusintha akhoza kutsika kufika cha m'ma 72 peresenti. Chida cha pulogalamuyi chotchedwa Classification sieve chimathandiza kuchotsa timadontho ta pikiselo imodzi kapena ziwiri m'malire mwa minda, koma mukakweza kwambiri mlingo wake chimamezanso timalo tating'ono tomwe anthu owotcha makala adula. Musanapereke mahekitala kwa wina aliyense, tolani malo mwachisawawa m'gulu lililonse la kusintha, muwaone pa zithunzi zooneka bwino kapena kukafika komweko, kenako muwalowetse mu chida cha Accuracy kuti mahekitalawo akonzedwe.