Ndemanga: zovala za chinkhoswe, diresi la mkwatibwi ndi malaya a mkwati

Chithunzi chimene telala wathu waika pa tsamba lake, cha diresi lalitali la chitenje chobiriwira ndi malaya ofanana nalo, ndi cha zovala zimene banja lathu linasoketsa. Mawu ali m'munsi mwake akuti zasokedwa pa muyeso wa mwini wake, ndipo ofuna zotere alankhule msanga. Popeza zavalidwa tsiku lonse la chinkhoswe ndi kuchapidwa, ndingathe kunena kuti chithunzicho sichikunama.

Nsalu yake ndi chitenje cha wakisi cha mayadi 6. Diresi logwira thupi mpaka m'mawondo kenako n'kutambasuka kumunsi limadya pafupifupi mayadi 5 ngati maluwa a nsalu ndi akuluakulu, chifukwa telala amataya zidutswa pofuna kuti maluwawo akumane bwino pa msoko. Yadi yotsalayo inakwanira duku ndi timizere tokongoletsa kolala ndi pachifuwa pa malaya a mkwati, amene thupi lake ndi nsalu yoyera ya mamita 2. Amene akufuna malaya onse a chitenje agule nsalu ziwiri tsiku limodzi, sitolo imodzi. Mukabwerera patapita sabata mungapeze maluwa omwewo koma mtundu wosiyanako, ndipo pa zithunzi zimaonekera.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi ntchito ya mkati, imene kamera siionetsa. Asanadule, anaviika chitenjecho m'madzi ozizira, n'kuchiyanika pa mthunzi ndi kuchisita. Chitenje cha thonje chimafupika chikachapidwa koyamba, pomwe nsalu yoterera yoika mkati sifupika. Telala akadula osaviika, diresi likangochapidwa nsalu yamkatiyo imasuzumira kumunsi ndipo zipi imachita mafunde kumsana. Pa ili palibe zotere. Misoko yonse ndi yopitidwa ndi ovaloko, ndipo m'mbali anasiya nsalu yokwana masentimita 2 mbali iliyonse, moti mwini diresi akanenepako angathe kulikulitsa osawononga kanthu. Zipi ndi yobisika, ndipo pamwamba pake pali kakolowekero kachitsulo kuti isatsike yokha.

Muyeso anatenga mosamala: pachifuwa, m'chiuno, m'mahipi, kuchoka paphewa kufika m'chiuno, kukula kwa mkono, ndi kutalika mkwatibwi atavala nsapato zimene adzavale pa tsikulo. Za nsapatozi musazipeputse. Mukayesedwa mutavala patapata kenako n'kudzavala zazitali, diresi limalendewera m'mwamba. Kuyesa kunachitika kawiri. Koyamba linali longolumikiza ndi ulusi, ndipo anauza mkwatibwi kuti akhale pampando, agwade, akweze manja. Apa m'pamene zinaoneka kuti m'mawondo munathina, ndipo anakweza poyambira kutambasuka ndi masentimita 5. Pa chinkhoswe mkwatibwi amagwada pamaso pa akuluakulu, amanyamula lichero, amavina pa perekaniperekani. Diresi lomanga miyendo limang'ambika pa msoko wakumbuyo nthawi ngati imeneyo. Ili silinatayuke ulusi ngakhale umodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene zikanakhala bwinoko. Nsalu yamkati ndi ya poliyesitala, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala imasunga thukuta. Pemphani kuti kumtunda kwa diresi aike yathonje, ngakhale mtengo ukwereko pang'ono. Chachiwiri ndi kolala ya malaya a mkwati: cholimbitsa chimene anamatira mkati chinatupa timatuza titachapa, chizindikiro choti sichinagwire bwino posita. Titabweza anachotsa n'kuika china osalipiritsa, koma akanayenera kuziona poyamba.

Pochapa, gwiritsani ntchito madzi ozizira ndi sopo wofewa, malaya oyerawo pawokha, osawasiya m'madzi nthawi yaitali kuopa kuti timizere ta chitenje tingasuluke n'kudetsa poyera. Sitani chotembenuza.

Pa nthawi anasunga lonjezo. Anapempha theka la ndalama poyamba, lotsalalo polandira zovala, ndipo analemba muyeso, sitayelo ndi tsiku lotenga m'kabuku ife tikuona. Zonse zinatha m'masabata atatu. Komabe m'miyezi ya chilimwe maukwati amachuluka Loweruka lililonse ndipo matelala amapanikizika, magetsi nawonso akazima ovaloko imaima. Ngati chinkhoswe kapena ukwati wanu wayandikira ndipo zovala za pa chithunzicho zakusangalatsani, mulankhule naye kudakali masabata asanu ndi limodzi, makamaka ngati operekeza akwati nawonso akusoketsa komweko. Tengani nsalu, nsapato ndi chithunzi cha sitayelo imene mukufuna, ndipo mumvereni akakuuzani kuti nsalu yanuyo sigwirizana ndi sitayeloyo.